Kalembedwe ka solofa pamanja: mmene nyimbo imakhalira papepala kuti kwaya ya kumudzi iyimbe

Makwaya ambiri a kumidzi kwathu kuno amaphunzira nyimbo ndi makutu. Wotsogolera amayimba mzere, a sopulano nkubwereza, kenako a alito, a tena ndi a besi, mpaka nyimbo italowa m'mutu. Njira imeneyi ndi yabwino ndipo yasunga nyimbo zochuluka, koma ili ndi polekezera pake. Wotsogolera akadwala kapena akasamuka, mbali ya alito imapita naye. Pakatha miyezi ingapo nyimbo isanayimbidwe, a tena amayamba kutsatira a sopulano osadziwa n'komwe. Apa ndi pamene solofa amathandiza, chifukwa safuna pepala la mizere isanu kapena maphunziro a zaka zambiri. Amangofuna kope, pensulo, lula, ndi munthu wolemba mosamala.

Kalembedwe aka kanachokera ku England. Mayi wina wa mumzinda wa Norwich, Sarah Glover, ndiye anayamba kuphunzitsa ana kuyimba pogwiritsa ntchito zilembo, ndipo m'busa John Curwen anatenga njira yake nkuikonza m'zaka za m'ma 1840. Cholinga chawo chinali chomwechi chimene ife tili nacho lero, choti anthu wamba athe kuyimba bwino m'tchalitchi. Amishoni anaibweretsa kuno m'sukulu ndi m'mipingo yawo, ndipo kumwera kwa Africa inazika mizu kwambiri moti Enoch Sontonga analemba Nkosi Sikelel' iAfrika mu 1897 m'kalembedwe komweka.

Zilembo zake n'zisanu ndi ziwiri: `d r m f s l t`, zimene timayimba kuti do, re, mi, fa, so, la, ti. Zimenezi pafupifupi aliyense wa m'kwaya amazidziwa, ndipo sindichedwapo. Chofunika kuchimvetsa n'chakuti `d` alibe malo amodzi okhazikika. Amakhala pamene mwamuika, ndipo zilembo zinazo zimayezedwa kuchokera pa iye. N'chifukwa chake pamwamba pa pepala, kumanzere, pamalembedwa kiyi, mwachitsanzo `KEY F`, kutanthauza kuti do wa nyimbo imeneyo ndi F wa pa kiyibodi.

Ndimaona mapepala ambiri olembedwa pamanja amene zilembo zake zonse n'zolondola, koma sangayimbike ndi munthu amene sanaimvepo nyimboyo. Wolemba anangondandalika `s d d m r r` ngati mndandanda wa zogula, osasonyeza kuti liwu liti ndi lalitali, liti lalifupi, ndipo nyimbo ikuyambira pati. Pepala lotere limangokumbutsa amene akuidziwa kale. Mphamvu yeniyeni ya solofa ili m'zizindikiro za nthawi, ndipo zimenezi ndi zimene ziyenera kulembedwa poyamba, chilembo chilichonse chisanalembedwe. Mlimi amayamba wapanga mizere kenako n'kudzala, ndipo wolemba solofa ayenera kuchita chimodzimodzi.

Nyimbo imayenda ndi mabiti, kugunda kuja kumene phazi limatsatira lokha. Mabitiwo sali ofanana mphamvu, ndipo amabwera m'magulu a awiri, atatu, anayi kapena asanu ndi limodzi. Gulu lililonse tilitche chipinda. Mzere wautali woimirira umatsegula chipinda, ndipo biti yobwera pambuyo pake ndiyo yamphamvu kuposa zonse. Timadontho tiwiri timatsogolera biti yofooka. M'chipinda cha mabiti anayi muli biti yachitatu, imene ili ndi mphamvu pang'ono, ndipo imatsogoleredwa ndi kamzere kakafupi koimirira, theka la mzere wa chipinda uja. Polemba pa makina kamzere kameneka ambiri amakasonyeza ndi `!`, ndipo ndichita chomwecho pano. Zipinda zopanda kanthu zimaoneka motere:

```
mabiti 2   |    :    |
mabiti 3   |    :    :    |
mabiti 4   |    :    !    :    |
mabiti 6   |    :    :    !    :    :    |
```

Chizindikiro chilichonse chimabwera kutsogolo kwa biti yake, osati kumbuyo. Oyamba kumene amasokonezeka apa, amaganiza kuti timadonthoto tikungolekanitsa zilembo monga mpatuliro m'chiganizo. Ayi, tikunena kuti biti yatsopano yayamba pamenepa, kaya pali chilembo kaya palibe.

Tengani lula, gonekani pepala cham'mbali kuti likhale lotambalala, ndipo gawani mzere uliwonse m'zipinda zofanana kukula. Pa pepala la A4 logonekedwa, zipinda zinayi za mabiti anayi zimakwana bwino. Mukapanikiza zisanu ndi chimodzi mudzasowa malo olembapo mawu a Chichewa, amene maphatikizo ake monga "ntchi" kapena "mphwa" amadya malo ambiri kuposa chilembo chimodzi cha pamwamba pake. Biti iliyonse ipatsidwe mpata wofanana ndi inzake ngakhale mukhale chilembo chimodzi chokha, chifukwa diso la woyimba limayeza nthawi ndi kutalika kwa mpatawo. Mizere ya zipinda itsike kuchokera pa sopulano mpaka pa besi, kuti mawu onse anayi a biti imodzi akhale motsetsereka pamzere umodzi.

Mkati mwa biti, malamulo ndi ochepa. Chilembo chimodzi chokha chimatenga biti yonse. Kamzere kogona `-` kamatanthauza kuti liwu lapitalo lipitirire, osalitchulanso. Malo osiyidwa opanda kanthu ndi kupuma. Kadontho kamodzi kamagawa biti pakati, ndipo mpatuliro umagawanso theka lija pawiri.

```
:d        biti yonse
:d .r     theka, theka
:d .,r    magawo atatu, gawo limodzi
:d,r.m,f  magawo anayi ofanana
|d :- .r  biti ndi theka, kenako theka
```

Pa zonsezi, `d .r` ndi `d .,r` ndi zimene zimasokonezedwa kawirikawiri, poti kusiyana kwake ndi kampatuliro kamodzi kokha, koma m'khutu ndi nyimbo ziwiri zosiyana. Yoyamba imayenda mofatsa, yachiwiri imadumpha. Ngati kwaya ikuyimba mosalala pamalo amene mumayembekezera kudumpha, yang'anani kaye pepala musanawadzudzule. Nthawi zambiri pensulo inali yobuntha ndipo kadontho ndi mpatuliro zinagwirana n'kukhala chinthu chimodzi.

Tsopano tiyeni tilembe mzere umodzi kuyambira pachiyambi. Titenge mawu akuti "Ambuye, tatopa, tigwireni dzanja." Chinthu choyamba si kuyimba ayi, koma kuwalankhula mokweza monga mmene munthu angawanenere popemphera, n'kumvetsera pamene liwu likutsamira. M'Chichewa timatsamira pa phatikizo lotsatizana ndi lomaliza: a-MBU-ye, ta-TO-pa, tigwi-RE-ni, DZA-nja. Maphatikizo anayi amenewa ndi amene ayenera kugwera pa biti yamphamvu, kutsogolo kwenikweni kwa chipinda. Choncho "A" wa Ambuye sangakhale pa biti yoyamba. Ayenera kubwera chipinda choyamba chisanatseguke, pa biti yofooka, ndipo n'chifukwa chake pepala lathu liyamba ndi timadontho tiwiri osati ndi mzere wautali.

Nkhani imeneyi ndi yaikulu kwa ife. Nyimbo zambiri zimene zinamasuliridwa kuchokera ku zinenero za kunja zinasunga mayimbidwe akwawo, ndipo mawu athu anangokankhiridwamo, moti timapezeka tikutsamira pa phatikizo lomaliza kapena loyamba, zimene sitichita polankhula. M'nyimbo zakale tinazolowera ndipo timazikonda momwemo. Koma amene akulemba nyimbo yatsopano alibe chifukwa chobwerezera zimenezo, ndipo solofa amamuonetsa vutolo poyera: ingoyang'anani phatikizo limene lili pafupi ndi mzere wautali uliwonse.

Mukapeza malo a maphatikizo, lembani mawuwo ndi pensulo pansi pa mabiti ake, kenako sopulano, kenako besi, ndipo alito ndi tena pomalizira. Mawu a nyimbo amakhala pakati pa alito ndi tena kuti onse awaone pafupi. Zikatha zimaoneka chonchi:

```
KEY F
S   :s₁ | d   :-  ! d   :m   | r   :-  ! r   :m .f
A   :s₁ | s₁  :-  ! s₁  :d   | t₁  :-  ! t₁  :d .r
     A -  mbu -     ye,  ta -  to  -     pa,  ti-gwi-
T   :s  | m   :-  ! m   :s   | s   :-  ! s   :s .s
B   :s₁ | d   :-  ! d   :d   | s₁  :-  ! s₁  :d .d

S       | s   :-  ! f   :m   | r   :-  ! d   ||
A       | m   :-  ! r   :d   | t₁  :-  ! s₁  ||
          re  -     ni         dza -     nja.
T       | s   :-  ! s   :-   | f   :-  ! m   ||
B       | d   :-  ! t₁  :d   | s₁  :-  ! d   ||
```

Onani zinthu zingapo m'menemu. Chipinda chomaliza chili ndi mabiti atatu okha, chifukwa biti yachinayi ndi ija tinaibwereka poyamba pa "A". Mukaphatikiza ziwirizo zikwana zinayi, ndipo ndime yachiwiri ilowa pa nthawi yake popanda kudikira. Mukaona kuti kwaya imagwedera nthawi zonse pobwerera ku chiyambi, werengani mabiti a chipinda choyamba ndi chomaliza. Kawirikawiri pamakhala pali biti yowonjezera.

Maphatikizo awiri a "tigwi" agawana biti imodzi, ndipo mawu onse anayi ali ndi kadontho pamalo omwewo, ngakhale a tena ndi a besi amene sakusintha liwu. Iwonso ayenera kutchula maphatikizo awiri, choncho alembedwe `s .s` osati `s` yekha. Pa "ni" zinthu zatembenuka: phatikizo ndi limodzi koma a sopulano akuliyimba pa zilembo ziwiri, `f` ndi `m`. Pamanja, zilembo zoterezi mumazidula mzere kunsi kwake kuti woyimba adziwe kuti asathamangire ku phatikizo lotsatira. Mzere umenewo ulembedwe pa sopulano, alito ndi besi. A tena sakuufuna, poti iwo angogwira `s` wawo mabiti awiri. Mukaiwala mzerewu, ena adzayamba "dza" msanga ndi biti imodzi, ndipo mudzamva mawuwo akutchulidwa kawiri motsatizana ngati kubwebweta.

Kanambala kakang'ono kali m'munsi mwa `s₁` kakunena kuti uyu ndi so wa pansi pa do. Kakakhala pamwamba, monga `d¹`, ndiye kuti ndi do wa pamwamba. Malire ake ndi osavuta: kuchokera pa `d` kukwera mpaka `t` palibe chizindikiro, mukadutsa `t` kukwera mumaika pamwamba, mukatsika kupyola `d` mumaika m'munsi. Choncho ti amene wagundana ndi do cha kumunsi ndi `t₁`, ndipo ameneyu ndiye amaiwalidwa kuposa wina aliyense, makamaka pa alito. Wolemba amamva kuti wangotsika pang'ono, ndiye saona chifukwa choikira chizindikiro. Koma wowerenga mokhulupirika akaona `d :t` adzalumpha kukwera kutali, ndipo mudzadabwa kumva a alito akulira pamwamba pa a sopulano. Langizo langa ndi lakuti polemba pamanja kanambalaka kakhale kowongoka ndi kooneka bwino, chifukwa kakapendekeka kamafanana ndi mpatuliro wogawa biti, ndipo `s₁` amasanduka so wa gawo limodzi mwa magawo anayi.

Pali mwambo wina umene umadodometsa anthu akayamba kuyerekeza pepala ndi kiyibodi. Mbali za amuna zimalembedwa ngati kuti akuyimba pa msinkhu wa amayi, koma zimamveka m'munsi ndi mtunda wathunthu wa do mpaka do. M'chitsanzo chathu, pa "A" woyamba, a tena ali ndi `s` wopanda chizindikiro pamene a alito ali ndi `s₁`, koma liwu limene likutuluka ndi limodzimodzi, C wa pakati pa kiyibodi. A besi ali ndi `s₁`, ndipo wawoyo ndi C wa m'munsi mwake. Mwambowu unaikidwa kuti mizere ya amuna isadzaze ndi tinambala. Musayese kuukonza. Amuna akaona `d` amayimba do wa pakhosi pawo mwachibadwa, ndipo zimakhala bwino.

Kiyi musankhe poyang'ana oyimba amene muli nawo. Pezani chilembo chokwera kwambiri ndi chotsika kwambiri cha sopulano, komanso chotsikitsitsa cha besi. Mzere wathu ukuchoka pa `s₁` kufika pa `s`, zimene mu F ndi C mpaka C wa pamwamba, malo amene amayi ambiri amayimba osavutika. Mutaukweza kupita mu G ukhalabe bwino ndipo uwala pang'ono. Koma nyimbo imene sopulano wake amafika pa `d¹`, mu F imakhala yokwera kwa amayi ambiri osaphunzitsidwa mawu, makamaka pa mapemphero a m'mawa, ndipo ndi bwino kuitsitsira mu D kapena C. Ubwino wa solofa ndi wakuti kusintha kumeneku n'kufufuta chilembo chimodzi pamwamba pa pepala basi, zina zonse zimakhala momwe zilili. Chizindikiro choti kiyi yakwera kwambiri n'chakuti kwaya imatsika yokha ndime ndi ndime, moti pofika kumapeto a besi sakuthanso kufika pansi.

Ngati mulibe kiyibodi koma muli ndi chopereka liwu limodzi la C, kaya kachitoliro kaya foni, F mungamupeze ndi pakamwa. Tengani C ameneyo ngati `d¹`, tsikani `t l s f`, ndipo mukafika pa `f` ligwireni liwulo n'kulitcha do. Mukaima pa `s` mwapeza G.

Nthawi zina nyimbo imafuna liwu limene lili pakati pa zilembo ziwiri. Limene mudzakumana nalo kawirikawiri ndi `fe`, fa wokwezedwa pang'ono amene amatsamira ku `s`. Palinso `ta`, ti wotsitsidwa, ndi `se`, so wokwezedwa, amene amapezeka m'nyimbo zachisoni zokhazikika pa `l`. Awa alembeni ndi zilembo ziwiri zonse momveka, chifukwa `fe` wotaya `e` wake amabwerera kukhala `f` ndipo kukoma kwa malowo kumatha. Ngati `fe` wangodutsa kamodzi, msiyeni choncho. Koma ngati mzere wathunthu wadzaza ndi `fe` ndipo ukukathera pa `s` ngati kwawo, ndiye kuti nyimbo yasamukira mu kiyi ina, ndipo n'kosavuta kwa oyimba kuti `s` atchedwe do watsopano. Pamalo osinthirapo mumalemba chilembo chakale chaching'ono pamwamba, chatsopano pambali pake, motere `ˢd`, ndipo pamwamba pa chipindacho mumalemba kiyi yatsopano. Woyimba amatenga liwu la so n'kulitchula do. Liwu lililonse mwa anayi aja limafuna mlatho wotere wakewake, wochoka ku kiyi yakale kupita ku yatsopano, pa biti yomweyo. Kwaya imene ikungoyamba kuwerenga ndingaichedwetse kaye pa zimenezi mpaka itazolowera nyimbo za kiyi imodzi.

Tinenenso zimene solofa sangathe. Nyimbo zathu za mtsogoleri ndi ovomereza, zoyimbidwa ndi m'manja ndi ng'oma, zili ndi zinthu zimene sizikhala m'zipinda mosavuta. Wotsogolera amalowa biti isanakwane, amatsetsereka kuchoka pa liwu lina kupita pa lina, ndipo sabwereza mzere mofanana kawiri. Mukayesa kulemba zonsezo, pepala lidzadzaza ndi timipatuliro timene palibe angawerenge, ndipo wotsogolera akalitsatira ndendende nyimboyo imauma. M'nyimbo zotere lembani mokwanira mbali ya ovomereza, chifukwa ndi imene imakhazikika ndipo ndi imene mawu anayi ayenera kugwirizana, ndipo ya mtsogoleri ingosonyezani pamene ikulowera ndi zilembo zake zikuluzikulu. Samalaninso posankha chipinda. Nyimbo zambiri zoterezi zimamveka ngati za mabiti awiri poponda, koma biti iliyonse ili ndi tizigawo titatu mkati. Zimenezi zilembedwe m'chipinda cha mabiti asanu ndi limodzi. Mukazikakamiza m'mabiti anayi ndi `d .,r`, kwaya yowerenga idzaziyimba ngati nyimbo ya perete.

Musanapite nalo ku pulakatisi, pepalalo liyesedwe kawiri. Poyamba werengani mabiti a chipinda chilichonse m'mawu onse anayi ndi nsonga ya pensulo, osayimba, chifukwa mukamayimba mutu umadzaza wokha zimene dzanja linasiya. Kenako lipatseni munthu wodziwa solofa amene sanaimvepo nyimboyo, ayimbe mbali imodzi inu muli chete. Pamene wayimba zosiyana ndi zimene zili m'mutu mwanu, pamenepo pepala lalakwika kapena silikuoneka bwino. Mukakhutira, pitanimo ndi bolopeni yakuda. Pensulo ndi inki yabuluu yofooka zimataya timadontho ndi tinambala pa fotokope, ndipo fotokope ya fotokope imataya zochuluka, choncho pepala loyamba lisungidwe m'pulasitiki ndipo makope onse achokere pa ilo.

Kumene kulibe makina a fotokope, nyimbo imalembedwa pa bolodi ndipo aliyense amakopera mbali yake m'kope. Apa vuto limakhala pa malo opuma. Wokopera akaona mpata wopanda chilembo amaganiza kuti palibe cholemba, ndiye amautseka, ndipo timadontho take timapita nawo limodzi. Ngati a besi akuyenera kudikira zipinda ziwiri asanalowe, zipinda ziwirizo zijambulidwe m'kope mwawo zopanda kanthu, ndi zizindikiro zake zonse, ndipo pansi pake alembe mawu amene a sopulano akuyimba kuti adziwe polowera. Wotsogolera ayende m'mabenchi kuona makopewo tsiku lomwelo.

Ndime yachiwiri ndi yachitatu zimalembedwa pansi pa yoyamba, phatikizo pansi pa phatikizo, ngati malo alipo. Pamenepa mudzapeza kuti mawu ena sakukwana. Pamene ndime yoyamba inali ndi "Ambuye", yachiwiri ingakhale ndi "Mlengi" kapena "M'busa", ndipo muyenera kusankha ngati "m" woyambayo atenga liwu lakelake pa biti yofooka ija, kapena angomamatira ku phatikizo lotsatira n'kusiya bitiyo yopanda mawu. Zonse ziwiri n'zotheka m'Chichewa, ndipo mukapanda kusankha inu, theka la kwaya lidzachita china ndipo theka linalo china. Pa mzere wathu uja "M'busa" akukhala bwino ngati "M'" atenga `s₁` ndipo "bu" agwera pa `d`, pamalo pamene panali "mbu". Lembani choncho, `M'-bu-sa`, ndi timizere tolekanitsa, phatikizo lililonse pansi pa chilembo chake.